"Ndine" Kapena "Iwo Ndi"? Mafunso ndi Mayankho pa Mbiri Yachidule ya Ntchito Yanu

Tiyerekeze mayi wina wa pa boma la Mwanza, ejenti wokiliyala katundu pa chipata cha malire a dziko lino ndi Mozambique. Tingomutchula kuti Mayi Uje. Madzulo ena akulandira uthenga pa foni: mawa kuli msonkhano wa amalonda ang'onoang'ono, iye akalankhulako, ndipo okonza msonkhano akupempha mbiri yake yachidule. Mayiyo akukhala pakhonde n'kulemba mizere isanu, kuyamba ndi mawu akuti "Ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimagwira ntchito pa chipata." M'mawa mwake mkulu woyendetsa mwambo, bambo wa ndevu zake, akuimirira pamaso pa anthu, akutsegula pepala n'kuwerenga mokweza monga momwe zalembedwera: "Ndine mayi wa ana atatu." Holo yonse ikufa ndi phwete, ndipo zomwe zatsatira za ntchito ya mayiyo palibe amene wazimva.

Mbiriyo inalibe bodza ngakhale limodzi. Chomwe chidalakwika ndi liwu lomwe idalembedwera. M'munsimu tayankha mafunso omwe anthu amafunsa akafuna kulemba kambiri kotere, kaya ndi ejenti, mlangizi wa zaulimi, namwino, mphunzitsi kapena wapampando wa kopaletivi ya alimi a manachesi.

Kodi liwu la "ine" ndi liwu la "iye" n'chiyani, ndipo ndingasankhe bwanji?

M'kalasi ya Chichewa zimenezi timazitcha kalozamwini woyamba ndi kalozamwini wachitatu. Pa liwu la "ine", mwini mbiri akulankhula yekha: ndine, ndimagwira, ndidaphunzira, ntchito yanga. Pa liwu la "iye" kapena "iwo", zikumveka ngati wina akukamba za mwini mbiriyo: amagwira, adaphunzira, ntchito yake kapena yawo. Mbiri zonse ziwiri mumalemba ndi inu nomwe. Kusiyana kwake kuli pa pakamwa pomwe mawuwo akatulukire.

Choncho funso loyenera kudzifunsa musanagwire cholembera ndi limodzi: mawu awa akafika kwa anthu, adzaoneka kuti akuwanena ndani? Ngati adzawawerenga mokweza munthu wina, kapena adzasindikizidwa pa pepala la bungwe, pa ndondomeko ya msonkhano kapena mu lipoti, ndiye kuti wolankhula ndi mwini mwambo kapena mwini pepala. Pamenepo lembani "iye" kapena "iwo". Koma ngati wowerenga akumana nanu mwachindunji, pa tsamba lanu la LinkedIn, pa WhatsApp Business ya bizinesi yanu kapena m'kalata yomwe mwasayina pansi, wolankhula ndinu, ndipo liwu loyenera ndi "ine".

Mabuku amatisonyeza zimenezi bwino. William Kamkwamba wa ku Kasungu adatulutsa buku la moyo wake mu 2009, mothandizana ndi Bryan Mealer. M'kati mwa bukulo Kamkwamba akusimba yekha ndi liwu la "ine", chifukwa nkhani ndi yake. Koma kachigawo kodziwitsa anthu za olemba kamakamba za iye ngati munthu wina, chifukwa apo akulankhula ndi osindikiza buku. Munthu ndi yemweyo, buku ndi lomwelo, koma pakamwa pasintha.

Tisonyezeni mbiri imodzi yolembedwa m'njira zonse ziwiri.

Tibwerere kwa Mayi Uje. Ntchito yawo ili pa msewu wa M6, womwe umapatuka pa Zalewa kudzera pa Mwanza n'kukalowa ku Zobue, kenako ku Tete, mpaka ku Nyamapanda polowera ku Zimbabwe. Tinene kuti adayamba ntchitoyi mu 2015. Pa foni yawo ya bizinesi, pomwe wamalonda yemwe ali ku Joni akufunafuna womuthandiza, mbiri ingakhale yotere:

"Ndimathandiza amalonda kutulutsa katundu wawo pa chipata cha Mwanza. Ntchitoyi ndidayamba mu 2015, ndipo ambiri omwe ndimawathandiza ndi amayi oitanitsa zovala ndi ziwiya kuchokera ku Joni ndi ku Harare. Ndimadzaza zikalata za kasitomu, ndipo ndimakuthandizani kudziwiratu msonkho katundu asanafike. Ndimalankhula Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi. Munditumizire malisiti a katundu wanu galimoto isananyamuke."

Ku msonkhano uja, pepala lomwe woyendetsa mwambo akadayenera kulandira likadakhala lotere:

"Mayi Uje ndi ejenti wokiliyala katundu pa chipata cha Mwanza, ntchito yomwe adayamba mu 2015. Amathandiza makamaka amayi oitanitsa zovala ndi ziwiya kuchokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Amalankhula Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi. Lero atifotokozera za zikalata zomwe wamalonda ayenera kukhala nazo galimoto isanafike pa chipata."

Taonani kuti sikungosintha "ndi-" kukhala "a-" ayi. Pasintha zinthu zitatu. Choyamba ndi dzina. Mbiri yoyamba ilibe dzina chifukwa dzina lili kale pamwamba pa tsamba, pomwe yachiwiri yayamba ndi dzina chifukwa anthu m'holo akufuna kumva kaye kuti amene aimirireyo ndi ndani. Chachiwiri ndi "inu". M'mbiri yoyamba Mayi Uje akulankhula ndi kasitomala maso ndi maso: ndimakuthandizani, katundu wanu, munditumizire. M'mbiri yachiwiri "inu" wachoka, chifukwa woyendetsa mwambo sangalonjeze kanthu m'malo mwa munthu wina. Chachitatu ndi mzere womaliza. Mbiri ya "ine" imathera pouza wowerenga chochita, pomwe ya "iye" imathera pa chifukwa chomwe munthuyo waitanidwira. Ngakhale mawu ena asintha: "ku Joni" n'koyenera pocheza ndi kasitomala, koma pa mwambo pomwe pali akuluakulu a khonsolo ndi mafumu, dzina lenileni la dziko ndiye limakhala bwino.

Ndikalemba za ine mwini ndi liwu la munthu wina, ndilembe "iye" kapena "iwo"? Kudzitchula kuti "a Uje" sikudzikweza?

Apa ndi pomwe pagona vuto lenileni kwa ife olankhula Chichewa, ndipo malangizo olembedwera azungu sangatithandize, chifukwa Chingerezi chilibe ulemu wotere m'mawu ake. Kwathu kuno munthu sadzipatsa yekha ulemu. Mukalemba nokha kuti "a Uje ndi mlangizi, iwo adaphunzira ku Bunda", dzanja limalemera, mumamva ngati mukudziimbira nokha m'manja. Mukalembanso kuti "Uje ndi mlangizi, iye adaphunzira ku Bunda", n'kuganiza kuti mnyamata wamng'ono ndiye akawerenga zimenezi pamaso pa Mfumu Kanduku kapena Mfumu Nthache, mukuona kuti mwamuika mnyamatayo pa mpanipani. Sangamutche munthu wamkulu "iye" pagulu.

Yankho likuchokera ku funso lija: akulankhula ndani? Ngati mbiri ikawerengedwa mokweza, lembani mwaulemu, "a Uje", "Mayi Uje", "iwo", "ntchito yawo". Ulemuwo si wanu, ndi wa amene akuwerengayo, ndipo inu mwangomukonzera mawu omwe iye akadanena mwachibadwa. Ngati mbiri ikasindikizidwa, yang'anani kalembedwe ka komwe ikupitako. Manyuzipepala ena a Chichewa amalemba "iye" kwa aliyense, ngakhale nduna, pomwe pa wailesi timamva kwambiri "iwo". Tsatirani mwambo wa nyumba yomwe mwalowa.

Palinso njira yachitatu yomwe Chichewa chimatipatsa. Ulemu suonekera m'mawu onse. Umaonekera pa "a" wa patsogolo pa dzina, pa "iye" ndi "iwo", pa "wake" ndi "wawo", pa "yemwe" ndi "omwe", pa "wagwira" ndi "agwira", komanso pa "adamusankha" ndi "adawasankha". Koma mawu monga "amagwira", "adaphunzira", "ali", "akutsogolera" ndi amodzimodzi kwa mwana ndi kwa gogo. Ndiye ngati muyamba ndi "Mayi Uje" kapena "Bambo Uje", kenako n'kumanga ziganizo zanu ndi mawu osasinthawa, mungathe kumaliza mbiri yonse osasankha pakati pa "iye" ndi "iwo". Werenganinso mbiri yachiwiri ya Mayi Uje ija: mulibe "iye", mulibe "iwo", mulibe "wake", mulibe "wawo". Aliyense angaiwerenge popanda kupunthwa, ndipo mwini wake sachita nayo manyazi.

Chomwe muyenera kupewa ndi kusakaniza. Chiganizo chonena kuti "A Uje adayamba ntchito yake mu 2015" chapereka ulemu kumayambiriro n'kuulanda pakati. Khutu la Mmalawi limamva msanga zimenezi ngakhale mwini khutu sangafotokoze chomwe chalakwika.

Ena akuti mbiri ya "iye" imamveka ngati ya pamaliro. Zimachokera pati?

Akunena zoona, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Ambiri mwa ife malo omwe tidamvera kawirikawiri mbiri ya munthu ikuwerengedwa ndi pa siwa. Wachibale amaimirira n'kuyamba ndi tsiku lobadwa, mudzi, mfumu ndi boma, kenako sukulu, ntchito, banja ndi ana. Ndondomeko imeneyi idakhazikika m'mitu mwathu, moti tikangomva kuti "lembani mbiri", dzanja limayamba lokha: "Adabadwa m'chaka chakuti, m'mudzi mwa akuti, Mfumu Yaikulu Govati, boma la Mwanza." Ikafika pa "adali wolimbikira ntchito", omvera ayamba kale kuweramitsa mitu.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba, yambani ndi lero. Chiganizo choyamba chinene chomwe munthuyo ali ndi chomwe amachita panopa: "ndi namwino", "amaphunzitsa masamu", "akutsogolera". Zakale zibwere pambuyo, ndipo zibwere zokhazo zomwe zikuthandiza omvera kukhulupirira ntchito ya lero. Achiwiri, samalani ndi "anali" kapena "adali". Mukafuna kutchula udindo wakale, uikeni pafupi ndi wa tsopano: "Asanabwere ku Mwanza adagwirako ntchito ku Neno, ndipo pano ndi mlangizi wa alimi a zipatso." Chiganizo chathera pa munthu wamoyo amene ali pa ntchito.

Tsiku lobadwa, dzina la mudzi ndi chiwerengero cha ana si mbali ya mbiri ya ntchito, pokhapokha zikugwirizana ndi nkhani ya tsikulo. Ngati mlangizi akukalankhula kwa alimi a ku Thambani ndipo iye adakulira komweko, kutchula zimenezo n'kothandiza, chifukwa alimiwo adziwa kuti dothi lawo amalidziwa. Koma ngati akutumiza mbiri ku bungwe la ku Lilongwe lomwe likufuna wophunzitsa kumezanitsa mitengo, chomwe bungwelo likufuna kumva ndi zaka zomwe wagwira ntchito yomezanitsayo ndi alimi omwe wawaphunzitsa.

Nanga "ife"? Ambiri timazolowera kunena kuti "timagwira" ngakhale tili tokha.

Ichi n'chizolowezi chabwino pocheza. Munthu akafunsidwa za ntchito yake amayankha kuti "timangoyesako", "tidaphunzirako pang'ono", pofuna kusonyeza kudzichepetsa. Koma pa pepala "ti-" amabweretsa funso lomwe wowerenga sangathe kukufunsani: kodi muli angati?

Tengani wapampando wa kopaletivi ya alimi a manachesi yemwe akupempha malo pa maphunziro a utsogoleri. Akalemba kuti "tidapeza msika ku Blantyre ndipo tidayamba kusankha zipatso potengera kukula kwake", osankha anthu sadziwa ngati iyeyo ndiye adakwera minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kukakambirana ndi ogula, kapena adangomva nawo lipoti pa msonkhano. Akalemba kuti "ndidakambirana ndi ogula a ku Blantyre m'malo mwa kopaletivi yathu, ndipo mamembala tidagwirizana zoyamba kusankha zipatso", zonse zaoneka: chomwe adachita yekha chili ndi "ndi-", chomwe adachita ndi anzake chili ndi "ti-". Sadalande ntchito ya gulu, ndipo sadabise yake.

"Ife" ndi woyenera pomwe tsamba ndi la kampani kapena la gulu, ndipo pali anthu enieni oposa mmodzi. Apa Mayi Uje ayenera kusamala pa nkhani ya chiphaso. Ntchito yokiliyala katundu imafuna chilolezo cha bungwe lotolera misonkho la MRA. Ngati chilolezocho chili m'dzina la kampani yomwe amagwirako ntchito, asalembe kuti "ndili ndi chiphaso cha MRA". Alembe kuti "ndimagwira ntchito ku kampani yomwe ili ndi chiphaso cha MRA". Kusiyana kwa "ndili" ndi "ili" n'kochepa pa pepala, koma wamalonda amene wapereka ndalama zake akadzapeza kuti chiphaso si chanu, adzati mudamunamiza.

Ndimachita manyazi kulemba zabwino za ine mwini. Kodi liwu la "iye" silingandipulumutse?

Limathandizadi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amalikonda. Kulemba kuti "adasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu mu 2019" n'kopepuka kusiyana ndi kulemba kuti "ndidasankhidwa". Koma kupepukako kuli ndi msampha. Munthu akabisala kuseri kwa "iye", amayamba kulemba zomwe sangayerekeze kuzinena ndi pakamwa pake: kadaulo, katakwe, wodziwika dziko lonse, wosayerekezeka. Amaiwala kuti aliyense akudziwa kuti mbiri zotere amalemba mwini wake.

Liwu la "ine" nalonso lili ndi msampha wake, woyang'ana kwina. Limakokera munthu pansi: "ndimangothandizako", "ndili ndi kaluso pang'ono", "ndikuphunzirabe". Namwino wa zaka khumi pa ntchito, wolembetsedwa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba, amadzilemba ngati wophunzira wongofika kumene. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo pa nkhani ya ntchito mawuwa ndi oona: amene wabisa luso lake, mwayi umamudutsa.

Njira yodziyesera ndi yotembenuza. Mukalemba ndi "iye", werengani chiganizo chilichonse mokweza ndi "ine", ngati mukuuza mnzanu wa kuntchito amene amakudziwani bwino. "Ndine kadaulo wodziwika dziko lonse." Ngati lilime lakana, chotsani chiganizocho n'kuikapo chinthu chomwe munthu angathe kuchitsimikiza: chaka, malo, udindo, satifiketi, ntchito yomwe idaoneka. Mukalemba ndi "ine", tembenuzirani kwa "iye": "Mayi Uje amangothandizako pang'ono." Ngati mungakhumudwe kumva munthu wina akukunenani choncho pagulu, musadzinene choncho nokha. Chiganizo chomwe chaima bwino m'mawu onse awiri ndicho choona. "Adayamba ntchito mu 2015" ndi "ndidayamba ntchito mu 2015" zonse zimatuluka pakamwa popanda vuto.

Malo akachepa kwambiri, kodi n'zotheka kulemba popanda "ine" kapena "iye"?

N'zotheka, ndipo nthawi zina n'kofunika. Pa Instagram mbiri siipitirira zilembo 150, pa X ndi 160, ndipo kamzere ka pansi pa dzina pa LinkedIn kamalola 220. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho malowa amatha msanga. Koma mneni wa Chichewa sayenda wopanda mwini: mukangoti "ndimathandiza" kapena "amathandiza", mwasankha kale liwu. Njira yozembera ndi kugwiritsa ntchito "wo-": "Wokiliyala katundu pa chipata cha Mwanza. Wolankhula Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi." Mzere wotere ungakhale pa kadi ya bizinesi, pa chikwangwani cha ofesi kapena pansi pa chithunzi, ndipo sufunsa kuti akulankhula ndani.

Pa sivi, pondandalika ntchito zomwe munkachita, "ku-" amagwira ntchito yomweyo: kudzaza zikalata za kasitomu, kulowetsa katundu mu ASYCUDA World, kutsatira galimoto kuchokera ku Nyamapanda mpaka ku Mwanza. Koma njirayi ili ndi malire. Ikapitirira mizere iwiri kapena itatu imayamba kumveka ngati chikwangwani, ndipo singawerengedwe mokweza pa mwambo. Pomwe malo alipo, monga gawo la `About` pa LinkedIn lomwe limalola zilembo 2,600, bwererani ku ziganizo zathunthu za "ine". Tsambalo ndi lanu, chithunzi ndi chanu, ndipo wowerenga akudziwa kuti palibe mlembi wina amene wakulemberani.

Mbiri yanga ikufunika m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi. Chisintha n'chiyani?

Ku Mwanza funso ili si lachilendo, chifukwa makasitomala ena ali ku Tete ndi ku Moatize, ndipo mabungwe ambiri amalemba malipoti awo m'Chingerezi. Lamulo la pakamwa lija silisintha. Chomwe chimasintha ndi ichi: "a-" wa Chichewa sanena ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, pomwe Chingerezi ndi Chipwitikizi zili ndi liwu lina la mwamuna ndi lina la mkazi. Maina athu ambiri, monga Chisomo, Chikondi, Mphatso ndi Madalitso, ndi a anyamata ndi atsikana omwe. Mukatumiza mbiri ya "iye" m'Chichewa popanda "Mayi" kapena "Bambo", womasulira amene sakudziwani angolota, ndipo mungadzapezeke mu lipoti losindikizidwa mutasanduka bambo muli mayi. Ikani "Mayi" kapena "Bambo" pa chiganizo choyamba, kapena lembani nokha mbiri ya chilankhulo chinacho n'kupempha wodziwa kuti akuonereni.

Chinanso, musamasulire liwu ndi liwu mbiri ya Chingerezi kuti ikhale ya Chichewa. M'Chingerezi n'chizolowezi kutchula munthu ndi dzina la bambo ake lokha akatchulidwa kachiwiri, ndipo palibe amene amakhumudwa. M'Chichewa chowerengedwa pagulu, kutchula mayi wamkulu ndi dzina lokha popanda "a" kapena "Mayi" kumamveka ngati mwano. Mbiri ya chilankhulo chilichonse ilembedwe payokha, mfundo zokha ndizo zikhale zofanana.

Ndingadziwe bwanji kuti mbiri yanga yasokonekera ndisanaitumize?

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusintha liwu pakati pa njira. Chimabwera munthu akatenga mizere iwiri pa ndondomeko ya msonkhano wakale, n'kuiphatikiza ndi mizere ina ya m'kalata yofunsira ntchito. Zotsatira zake zimakhala zotere: "Mayi Uje ndi ejenti pa chipata cha Mwanza. Amathandiza amalonda ang'onoang'ono. Cholinga changa n'choti katundu wanu asachedwe." Wowerenga aima n'kudabwa kuti "changa" ameneyu walowera pati.

Kuti mugwire cholakwikachi, tengani cholembera n'kuzunguliza chiyambi cha mneni aliyense, komanso mawu onse othera ndi "-nga", "-ke", "-wo", "-thu" ndi "-nu". Mu mbiri ya "ine" muyenera kupeza "ndi-" ndi "-nga", mwinanso "-nu" wa kasitomala. Mu mbiri ya "iye" muyenera kupeza "a-" pamodzi ndi "-ke" yekha kapena "-wo" yekha. Samalani ndi "ndi" woima payekha, monga m'mawu akuti "Mayi Uje ndi ejenti": ameneyu si "ine", choncho asakusokonezeni. Mukatha apo, patsani munthu wina kuti akuwerengereni mokweza inu mutakhala pansi ngati mlendo. Pomwe iye wapunthwa kapena wasintha liwu payekha kuti limveke bwino, pamenepo ndi pofunika kukonza.

Ngati mukufuna kuti mawu anuanu amveke mu mbiri ya "iye", pali njira yovomerezeka: aikeni ngati mawu ogwidwa. "Mayi Uje amati: 'Ndimafuna kuti wamalonda adziwe msonkho wake asanakwere galimoto.'" Apa "ine" walowa pakhomo loonekera, ndipo woyendetsa mwambo angawerenge popanda kuseketsa anthu.

Nanga akangoti "titumizireni mbiri yanu" osanena zambiri, ndichite chiyani?

Funsani zinthu zitatu musanalembe: mbiriyi ikawerengedwa mokweza kapena ikasindikizidwa, ikhale ya mawu angati, ndipo ikhale m'chilankhulo chanji. Wokonza msonkhano aliyense amayankha mafunso amenewa mosavuta, ndipo amakondwa kuti mwamuchepetsera ntchito. Ngati nthawi yofunsa palibe, tumizani ya "iye" yaulemu, ya mawu pakati pa 50 ndi 80. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wapempha mbiri yanu nthawi zambiri akufuna kukaipereka kwa anthu ena m'dzina lake kapena la bungwe lake, ndipo ya "iye" angaigwiritse ntchito momwe ilili. Ya "ine" imamukakamiza kuilembanso, ndipo akakhala pa changu, zimachitika zomwe zidachitikira Mayi Uje.

Kupatula apo, pali malo omwe "iye" saloledwa konse. Kalata yofunsira ntchito, kalata yopempha thandizo la maphunziro, ndi mawu omwe mukanene ndi pakamwa panu mukaimirira kuti mudzidziwitse pa msonkhano wa khonsolo, zonsezi ndi za "ine". Munthu sasayina dzina lake pansi pa kalata yomwe ikumutcha "iwo".

Choncho, awerengi, musadikire uthenga wa madzulo uja. Khalani pansi sabata ino n'kulemba mbiri ziwiri za mfundo zofanana, imodzi ya "ine" ndi ina ya "iye", muzitembenuze monga tafotokozera, munthu wina akuwerengereni mokweza, kenako muzisunge mu foni yanu. Udindo ukasintha, sinthani zonse ziwiri tsiku lomwelo. Ndipo akakupemphani mbiri, musanatumize, funsani kaye kuti akainena ndani.